Kufupikitsa nkhani ya maganizo yokhudza penate yokanganirana

Mukalandira nkhani ya maganizo yaitali yokhudza penate imene yabutsa mkangano, musayambe ndi kufufuta mawu. Choyamba fufuzani chiganizo chimodzi chimene chanyamula chigamulo cha mlembi, chifukwa nthawi zambiri chimakhala chabisala m'ndime yachinayi, pambuyo pa mbiri ya matimu ndi madandaulo a nyengo yatha. Chiganizocho chikwezeni pamwamba.

Tinene kuti mlembi akutsutsa penate yoperekedwa chifukwa mpira unagunda dzanja la wotchinga kumbuyo. Mfundo yake yeniyeni ndi yakuti dzanjalo linali pafupi ndi thupi, ndipo Lamulo 12 la mpira silinena kuti mpira ukangokhudza dzanja ndiye kuti mlandu wapalamulidwa. Zonse zothandiza mfundoyi zikhale: mphindi imene zinachitika, malo amene woyimbira anaima, ndi mmene dzanja linalili. Ndime yokamba za mapenate a zaka zam'mbuyo ichoke yathunthu, pakuti kuchotsa ndime yonse kumasunga liwu la mlembi kuposa kusema chiganizo chilichonse mpaka chiume.

Mlembi akabwereza katatu kuti woyimbira analakwa, sungani pamene ananena mwamphamvu koposa, m'mawu ake omwewo. Ngati analemba kuti wotchingayo "sakanadula dzanja n'kulisiya kunyumba", musasinthe kukhala "sakanatha kupewa", chifukwa owerenga amamudziwira pamenepo. Koma akanena kuti woyimbira anadya ziphuphu popanda umboni, chotsani, ndipo mumufotokozere chifukwa chake nkhaniyo isanasindikizidwe.