Mpunga wogonera: kuutenthetsanso sikuchotsa poizoni

M'makomo ambiri mpunga sutayidwa. Kilombero ndi wodula, ndipo ukatsala m'poto madzulo, mayi amavindikira bwino n'kusiya pambali pa mbaula kuti m'mawa akaukazinge ndi timafuta, ana adye popita kusukulu. Maganizo ake amakhala oti moto wa m'mawa upha chilichonse chomwe chalowamo usiku. Pa zakudya zina maganizo amenewa ali ndi mbali yoona. Pa mpunga ayi, ndipo chifukwa chake n'chofunika kuti aliyense wophika achimvetse.

Tizilombo todwalitsa anthu odya mpunga wogonera sitichokera kwa ntchentche kapena m'manja mwa wophika. Timabwera ndi mpunga womwewo kuchokera kudimba. Ndi mabakiteriya okhala m'dothi otchedwa basilasi sereyasi, ndipo amapezeka kawirikawiri pa mpunga wosaphika, ngakhale wopetedwa ndi kutsukidwa bwino. Zinthu zikawavuta, mabakiteriyawa amadzitsekera m'chikamba cholimba n'kugona, ngati njere ya udzu yodikira mvula. Ali m'chikambamo, madzi owira pa madigiri 100 sawamaliza onse. Kuphika kumapha tizilombo tina tambiri topikisana nato, ndiye mpunga ukayamba kuzizira, ogona aja amadzuka n'kupeza chakudya chonyowa, chofunda, chopanda wolimbana naye.

Tiyerekeze banja la ku Nkhotakota mwezi wa Okutobala. Mpunga waphulidwa 7 koloko madzulo, anthu adya, theka latsala m'poto wamkulu wovindikira. Pamene mpunga uli wotentha kuposa madigiri 60, mabakiteriya sangaswane. Koma pofika cha m'ma 9 koloko watsika pansi pa mlingo umenewo, ndipo chifukwa ndi wambiri ndiponso wovindikira, pakati pake pamakhala pofunda usiku wonse. Kutentha kwa madigiri 30 kapena kupitirirapo pang'ono, komwe ndi kwa m'khitchini yofolera malata nyengo imeneyi, n'komwe mabakiteriyawa amakukonda kwambiri. Pamenepo chiwerengero chawo chimatha kuwirikiza kawiri pa theka lililonse la ola. Ngati mu galamu imodzi ya mpunga munadzuka mabakiteriya 100, pakatha maola 5 akuswana chonchi amakhala atapitirira 100,000, ndipo umenewu ndi mlingo womwe anthu amayamba kudwala nawo. Poto uja ali ndi maola enanso angapo kuti kuche.

Akachuluka chotere, mitundu ina ya mabakiteriyawa imatulutsa poizoni mu mpunga momwemo, munthu asanaudye. Apa ndi pomwe pagona nkhani. M'mawa mayi akakazinga mpunga uja mpaka nthunzi kuti tolotolo, mabakiteriya odzuka aja amafadi, koma poizoni yemwe asiya satha. Poizoniyu amapirira kutentha kwa madigiri 121 kwa mphindi 90, komwe palibe mbaula, chitofu cha magetsi kapena maikulowevu ya pakhomo ingafikitse mpunga popanda kuupsereza. Asidi wa m'mimba samuphwanyanso. Choncho mwana amadya mpunga wotentha, wopanda tizilombo tamoyo tambiri, koma woti umudwalitsa.

Ambiri amadalira mphuno. Amanunkhiza, akaona kuti sunasase ndipo sukunanda, amati uli bwino. Mpunga wosasa kapena wonanda ndi wotaya, zoona, koma wosanunkha si umboni wa chilichonse. Poizoniyu alibe fungo, sasintha kakomedwe, ndipo mpunga umaoneka woyera ngati dzulo.

Wina anganene kuti, "Ife takula ndi mkute, bwanji sitinafe?" Funsoli n'lomveka ndipo ndilibe chifukwa cholinyoza. Si basilasi sereyasi aliyense amene amapanga poizoni wosanzitsayu, ndipo usiku wozizira wa mu Juni ku Dedza mabakiteriya amaswana pang'onopang'ono kusiyana ndi usiku wa ku Nsanje dzuwa litawamba. Ndiye miphika yambiri yogonera imadutsa popanda wodwala. Vuto n'lakuti poto woipayo simungamusiyanitse ndi anzake. Komanso matendawa akagwa, kawirikawiri anthu amaloza kwina: ndiwo, madzi a pa mjigo, mafuta ophikira, pena ngakhale munthu. Ku Britain nakonso zinatenga nthawi. Kunali m'ma 1971 pamene madokotala anagwirizanitsa kusanza kwa anthu ndi mpunga wokazinga wa m'malesitilanti, womwe unkaphikidwa wambiri n'kusiyidwa panja pa fuliji mpaka tsiku lotsatira.

Chizindikiro chake chachikulu ndi kufulumira. Munthu amayamba mseru ndi kusanza pakati pa mphindi 30 ndi maola 6 chidyereni, nthawi zambiri popanda kutentha thupi. Mwana wodya mpunga uja 6 koloko akhoza kubwezedwa kusukulu nthawi yopuma isanakwane. Ngati onse odya m'poto mmodzi ayamba kusanza nthawi yofanana, wosadyayo ali bwinobwino, ganizirani za mpungawo. Palinso mtundu wina wa matendawa womwe umabwera mochedwerapo, pakatha maola 6 mpaka 15, ndi kupotokola m'mimba ndi kutsekula. Ambiri amachira pasanathe tsiku limodzi. Chofunika ndi kubwezera madzi m'thupi: madzi a Thanzi pang'onopang'ono, pafupipafupi, ndipo mwana woyamwa apitirize kuyamwa. Musagule makapisozi pa golosale, chifukwa mankhwala opha mabakiteriya sachita kanthu pa poizoni. Koma ngati mwana akusanza chilichonse, maso alowa m'kati, wafooka kapena akungogona, ngati maso ayamba chikasu, kapena kusanza kwapitirira tsiku, thamangirani kuchipatala. Mwa apo ndi apo poizoniyu amawononga chiwindi, ndipo kuli anthu omwe anamwalira naye. Kutsekula kwa madzimadzi kwambiri nakonso musadikire nako pakhomo, popeza kukhoza kukhala kolera.

Ntchito yonse yoteteza imachitika madzulo, osati m'mawa. Ngati muli ndi fuliji, musadikire kuti mpunga uzizire wokha m'poto. Upakuleni, muuyale mopyapyala m'beseni losaya kapena pa thireyi kuti nthunzi ituluke msanga, ndipo ulowe mu fuliji pasanathe ola limodzi, mukachedwa kwambiri awiri. Fulijiyo ikhale pa madigiri 5 kapena kutsikirapo. Udyeni tsiku lotsatira, mutenthetse kamodzi kokha mpaka utenthe paliponse, ndipo wotsala pamenepo utayidwe. Magetsi akathima usiku wonse n'kupeza m'fuliji mwafunda, muuwerengere ngati wogonera panja.

Kopanda fuliji, ndinene mosabisa kuti palibe njira yodalirika yosungira mpunga wophika mpaka m'mawa. Kuuyala kumauziziritsa kufika pa kutentha kwa m'nyumba basi, ndipo pamenepo mabakiteriya amaswanabe. Kuvindikira kumatchinga mphemvu ndi makoswe, osati zomwe zili kale m'kati. Chothandiza ndi kuyeza: phikani wokwanira odya, wotsala ugawidwe usiku womwewo, ndipo wa ana a sukulu muphike m'mawa, ngakhale zikutengerani makala owonjezera.

Malo omwe amandidetsa nkhawa kwambiri ndi pa maukwati, pa zinkhoswe ndi pa maliro. Amayi amayamba kuphika m'mbandakucha m'miphika ikuluikulu, mpunga n'kuthiridwa m'mabeseni kapena m'mafuduwoma, anthu n'kudzadya masana dzuwa litapendeka. Fuduwoma satenthetsa chakudya, amangochedwetsa kuzizira, ndiye pakapita maola angapo amasunga mpunga pa kufunda komwe mabakiteriya amafuna. Oyang'anira kukhitchini agawe kaphikidwe m'magawo awiri kapena atatu motsatira nthawi yodyera, ndipo mphika wodikira ukhale pa makala ochepa kuti ukatsegulidwa uzituluka nthunzi mpaka pansi. Mpunga womwe wakhala m'beseni kuyambira m'mawa usamangidwe m'majumbo kuti anthu akadye kunyumba madzulo.