Chotsani maikolofoni pamutu pa kamera

Chiyambireni mwera chaka chino, achinyamata ojambula makanema aulimi ndi timasewero akhala akundibweretsera ntchito zawo kuti ndiwathandize kukonza mawu. Zithunzi n'zokongola ndithu, chimanga chobiriwira, madzi akuyenda m'ngalande, nkhope zowala. Koma ndikangovala mahedifoni ndimamva mphepo ikuwomba ngati galimoto ikudutsa pamlatho wamatabwa, jenereta ikulira, ndipo munthu amene tikumuonayo akumveka ngati akulankhulira mumgolo kuseri kwa nyumba. Ndikafunsa kuti maikolofoni inali pati, yankho limakhala limodzimodzi: inali pa kamera. Kenaka amayamba kudandaula kuti maikolofoni yawo ndi yotchipa, akanakhala ndi ndalama akanagula yodula.

Vuto si mtengo wa maikolofoni ayi. Vuto ndi mtunda umene uli pakati pa pakamwa pa munthu ndi maikolofoniyo. Ndakhala ndikunena izi kwa zaka, koma chizolowezi chomangirira maikolofoni pamutu pa kamera ngati chipewa sichikutha, chifukwa ojambula amaona kuti zimaoneka zaukatswiri.

Tiwerengere limodzi, poti masamu ake ndi ochepa. Pabwalo, mukawirikiza kawiri mtunda wochokera pakamwa, mphamvu ya mawu ofika pa maikolofoni imatsika ndi madesibelo 6, desibelo kapena dB pokhala muyezo wa kukula kwa mawu. Mukauchepetsa ndi theka, imakwera ndi madesibelo 6 omwewo. Tsono tengani wojambula amene waimika kamera pa mtunda wa mamita 3.2 kuti munthu aoneke kuyambira kumutu mpaka m'mawondo. Akachotsa maikolofoni pa kamerapo n'kuiika pachifuwa pa wolankhula, masentimita 20 kuchokera pakamwa, mtunda wachepa ndi theka kanayi: kufika pa 1.6, kenaka masentimita 80, 40, mpaka 20. Apa wapindula madesibelo 24 osalipira ngakhale tambala. Jenereta ija sinasunthe, phokoso lake likufika pa maikolofoni pafupifupi monga kale, koma mawu a munthu akwera pamwamba pake. Ndipo khutu lathu limamva kusiyana kwa madesibelo 10 okha ngati kuti mawu akula kawiri.

Yerekezani tsopano ndi zimene ambiri amathamangira, kukoka jenereta. Kuichotsa pa mamita 5 n'kukaiika pa mamita 20 kumakupatsani madesibelo 12, mutatuluka thukuta ndiponso mutabwereka waya wautali. Ndi ntchito yabwino, chitani, koma onani kuti kusuntha kachinthu kolowa m'thumba ndi mamita atatu kwakupatsani phindu lowirikiza pa kunyamula chitsulo cholemera mamita 15.

Amene amandivuta kwambiri ndi aja anagula maikolofoni yaitali ngati ndodo, n'kumakhulupirira kuti imakoka mawu akutali monga momwe kamera imakokera chithunzi. Siikoka kanthu. Chimene imachita n'kuchepetsa phokoso lochokera m'mbali, basi. Chilichonse chimene chili kutsogolo kwake imachitola, ndiye ngati kuseri kwa wolankhula kuli msewu, chigayo kapena ana akusewera mpira, mwawalozetsa nokha maikolofoni. Mawu akachepa, wojambula amakweza mphamvu yojambulira, ndipo apa m'pamene kutchipa kwa chipangizo kumaonekera: kamayamba kaphokoso ka sssss kochokera m'kati mwa maikolofoni ndi kamera momwe, kamene pafupi ndi pakamwa simukanakamva n'komwe.

Mwezi wa Julaye ndinaperekeza gulu lina kudimba kufupi ndi nyanja ku Salima, kukabwereza ntchito imene inaonongeka. Ulendo woyamba anajambula bambo wina wachikulire akufotokoza momwe amazindikirira ntchemberezandonda isanalowe mu mtima wa chimanga. Anyamatawo amati bamboyo analankhula bwino kwambiri, mpaka kung'amba tsamba n'kuonetsa timabowo ndi ndowe za mbozi. Koma pampu ya injini inali ikulira cha pamtsinje, mwera ukuwomba, maikolofoni ili pa kamera. Atafika kutauni anapeza kuti palibe chiganizo n'chimodzi chomwe chomveka. Titabwerera, chimanga chija chinali chitakula, mbozi anali atathana nazo, ndipo bamboyo anali atatopa nafe. Anangonena mwachidule, ngati mwana wasukulu akulakatula zoloweza. Pamene ndimawamangirira kamaikolofoni pa malaya, anandiyang'ana n'kufunsa kuti, "Kodi achimwene, tsiku lija kanali kuti aka?" Mnyamata wa kamera anayankha kuti kanali m'chikwama, samafuna kuti waya azioneka pa chithunzi. Bamboyo anaseka n'kunena kuti, "Ndiye inu mumathira feteleza m'khwawa n'kumadabwa kuti chimanga sichikubiriwira. Feteleza timathira pafupi ndi phando." Ndinangoti zoona bambo, ndipo mnyamatayo anakhala duu mpaka tinakwera minibasi.

Gululo linalipira thiransipoti kawiri, kubwereka kamera kawiri, ndipo chimene linabwera nacho chinali chozizira poyerekeza ndi choyamba chija. Ngakhale pa sewero, pamene ochita mungathe kuwaitananso, kuwalankhulitsa kachiwiri m'chipinda kuti mawu agwirizane ndi milomo kumadya masiku, ndipo woonera amazindikira msanga kuti munthu ali pamunda koma mawu ake ali m'nyumba.

Ena amandiuza kuti tikakonza pa kompyuta. Mukakonza chiyani? Chida cha Noise Reduction cha mu Audacity chimagwira bwino phokoso losasinthasintha, monga kasss kaja kapena kung'ung'uza kwa magetsi kwa pa 50 Hz. Jenereta siilira mofanana nthawi zonse, imasintha kaliridwe wina akayatsa nyale kapena ketulo, ndipo phokoso lake limafika m'dera lomwelo limene muli mawu a munthu. Mukaumiriza kulichotsa, munthuyo amatsala akumveka ngati akulankhula m'madzi. Mphepo ndiye yoipitsitsa. Imene mumamva m'mahedifoni si kulira kwa mphepo m'mitengo, ndi mpweya ukumenya kachikopa kopyapyala kam'kati mwa maikolofoni mpaka chojambulira kudzaza. Pamene chadzaza, mawu a pamenepo sanalembedwe n'komwe, ndiye palibe chobwezeretsa.

M'nyumba nkhani yake ndi yomweyi, ngakhale anthu amaganiza kuti akathawa mphepo apulumuka. Lowani m'kalasi kapena m'tchalitchi cha simenti pansi, makoma opaka pulasitala, denga la malata lopanda siling'i, muombe m'manja kamodzi. Mukamva kulira kukutsalira m'mbuyo, dziwani kuti mawu aliwonse a wolankhula adzachitanso chimodzimodzi. Mawu obwerera kuchokera kumakoma amadzaza chipinda chonse pafupifupi mofanana, pamene mawu ochokera pakamwa amachepa mukamatalikira. Pali malo ena pamene awiriwa amalingana mphamvu, ndipo m'chipinda cholira chotere malowo amakhala pafupi kwambiri, nthawi zambiri osapitirira mita imodzi kapena iwiri. Kamera ikaima kupitirira pamenepo, maikolofoni yake ikujambula makoma kuposa munthu. N'chifukwa chake timasewero tambiri timamveka ngati tajambulidwa m'bafa.

Chizindikiro china chimene ndimachigwira msanga ndi jenereta yomveka ngati ikupuma mpweya. Munthu akamalankhula phokoso limatsika, akangoima kuti ameze malovu limakwera ngati funde, akayambanso limabwerera. Ameneyo si jenereta, ndi kamera kapena foni imene mwaisiya pa Auto, ndiye ikamva kuti kwakhala chete imadzikwezera yokha mphamvu kufunafuna mawu. Maikolofoni ikakhala kutali, kupuma kumeneku kumakula chifukwa kusiyana kwa mawu ndi phokoso n'kochepa kale.

Chimene chimandikwiyitsa n'chakuti zonsezi zimamveka pomwepo pamalo ojambulira, munthu akanangovala mahedifoni. Koma mumaona wojambula diso lili pa kagalasi, makutu ali pamtunda, akudalira timizere tobiriwira toonetsa mphamvu ya mawu tikuvina. Timizereto timavinanso ndi mphepo, sitisankha.

Zochita zake mukuzidziwa, ndingokumbutsa mofulumira. Kamaikolofoni ka pamalaya kakhale masentimita 15 mpaka 20 pansi pa chibwano, waya alowe m'kati mwa malaya ndipo mumumate ndi tepi kuti asakhule nsalu. Ngati waya safika pa kamera, lumikizani ku foni yachiwiri, muiike pa Airplane mode, ilowe m'thumba la wolankhulayo, ndipo wina aombe m'manja kamodzi pamaso pa kamera kuti mudzapeze polumikizira mawu ndi chithunzi. Yang'anani pulagi: ya timizere takuda titatu ndi ya foni, ya tiwiri ndi ya kamera, ndipo mukasokoneza foni imangojambula ndi maikolofoni yake yam'kati inu osadziwa. Kandani kamaikolofoniko ndi chala musanayambe, mumve ngati ndi komwe kakugwira. Yaitali ija imangirireni kunsonga ya nsungwi, ilendewere pamwamba pa mutu kunja kwa chithunzi, masentimita 30 mpaka 50, yoloza pansi cha pakamwa, kuti kuseri kwa mawu kukhale dothi osati msewu.

Siponji imene imabwera m'bokosi imangothandiza pa kamphepo kayaziyazi. Pa mwera pamafunika chaubweya pamwamba pa siponjiyo, ndipo kansalu kaubweya kodula ku chidole chakale cha pa kaunjika kamagwira ntchito. Wolankhula afulatire mphepo kuti thupi lake litchinge, kapena muime kuseri kwa nkhokwe. Ngati pali Low Cut, imene imadula phokoso la mawu a besi, yatsani pa 80 Hz kapena 100 Hz. Jenereta ipite kuseri kwa khoma lanjerwa, paipi ya utsi iloze kwina, panja nthawi zonse, osaifunditsa bulangete kapena kuilowetsa m'chipinda chifukwa utsi wake umapha. Kuposa apo, tchajani mabatire, muizimitse kwa mphindi khumi zojambulazo. M'chipinda cholira yalani mphasa pansi, pachikani mabulangete kunja kwa chithunzi, ndipo wolankhula achoke pakona.

Chotsani Auto, ikani mphamvu pamanja kuti mawu okwera kwambiri azifika cha pa -12 dB, sankhani WAV pa 48 kHz ngati chipangizo chikulola. Jambulani chiganizo chimodzi, imani, mumvetsere ndi mahedifoni otseka makutu musanapitirize. Mukamaliza, aliyense akhale chete pamalo pomwepo kwa masekondi 30 mujambule phokoso la malowo, lidzakuthandizani kutseka mipata podula.