Momwe Mungaphunzirire Kuwerenga Kutalika kwa Manoti Panokha

Pamalo pamene noti yakhala pamizere isanu ija pamasonyeza kukwera kapena kutsika kwa mawu, koma maonekedwe ake ndiwo amakuuzani nthawi yoti muigwire. Pano tikambe za nthawiyo basi, m'nyimbo zolembedwa 4/4 koyambirira. Nambala yapamwamba ikunena kuti chigawo chilichonse, pakati pa mizere iwiri yoimirira, chili ndi mabiti 4, kutanthauza kugunda kanayi kotalikirana mofanana. Yapansi ikunena kuti biti imodzi ndi kirocheti, noti yakuda yokhala ndi ndodo.

Yambani ndi phazi musanatsegule buku. Tcherani metironomu ya pafoni, pulogalamu yogunda pa liwiro losasintha, pa 60, kutanthauza kugunda kamodzi pa sekondi. Wotchi yapakhoma yomveka kugunda imagwiranso ntchito yomweyo. Pondani pansi pa kugunda kulikonse, mukuwerenga wani, thuu, firii, folo, ndipo pa wani muzipondako mwamphamvu. Kuyambira pano phazi lisasinthe liwiro, zivute zitani. Chosintha ndi pakamwa pokha.

Manoti ake ndi asanu, ndipo iliyonse ndi theka la inzake yam'mbuyo. Semibirevu ndi mutu wobowoka wopanda ndodo, mabiti 4: nenani taa-aa-aa-aa ndi mpweya umodzi. Minimu ndi yobowokanso koma ili ndi ndodo, mabiti 2: taa-aa. Kirocheti ndi yakuda, ya ndodo, biti imodzi: taa. Ambiri amaziona ngati zophweka nkudumpha, chikhalirecho vuto lilipo. Semibirevu yoyamba pa wani simatha phazi likaponda folo ayi, imatha likapondanso wani wa chigawo chotsatira. Mukasiyira pa folo mwaimba mabiti 3 okha, ndipo m'kwaya mudzamveka mukupuma anzanu akadagwira mawu.

Kweva ili ndi kambendera kamodzi pandodo, ndipo ziwiri zimakwana biti imodzi. Phazi likatsika nenani ta, likakwera nenani te. Semikweva ili ndi timbendera tiwiri, zinayi pa biti: ta-fa-te-fe. Apa ta akugwera pansi, te pamwamba monga kale, fa ndi fe akulowa m'mipata. Zikatsatana, timbendera timasanduka mitanda yolumikiza ndodo, umodzi wa makweva, iwiri ya masemikweva. Mtandawo ndi wothandiza kwambiri, chifukwa kawirikawiri gulu limodzi ndi biti imodzi (makweva anayi okha nthawi zina amamangidwa pamodzi, amenewo ndi mabiti 2). Amene munazolowera solofa mukuzidziwa kale izi: `d .d` ndi makweva awiri, `d,d.d,d` ndi masemikweva anayi.

Tiyeseko chigawo ichi: kirocheti, makweva awiri, masemikweva anayi, kirocheti. Choyamba phatikizani: 1, kuphatikiza 1/2 kawiri, 1/4 kanayi, ndi 1, zikukwana 4. Zikapanda kukwana ndiye kuti penapake mwawerenga molakwika, kaya pali dontho lotalikitsa noti kapena chizindikiro chopumira chomwe simunachione. Kenaka tengani pensulo mulembe 1, 2, 3, 4 pansi pa noti imene phazi liponderepo: yoyamba, yachiwiri, yachinayi ndi yachisanu ndi chitatu. Tsopano nenani: taa, ta-te, ta-fa-te-fe, taa. Mukachita bwino kanayi motsatizana, ombani m'manja zomwe mukunenazo, kenaka muombe pakamwa pali chete.

Olakwa ambiri amalakwira pa biti yachitatu. Diso likaona manoti akuda atathithikana, mtima umathamanga, munthu nkuwamaliza msanga nkuyamba kudikira folo. Chizindikiro chake ndi kampata pakati pa fe ndi taa. Ena phazi lawo limayamba kutsata pakamwa, nkumaponda kanayi pa ta-fa-te-fe. Mankhwala a zonse ziwiri ndi amodzi: tsitsani metironomu ifike pa 50, mubwereze biti yachitatu yokhayo pamodzi ndi taa wotsatira. Musatsike kwambiri kupyola apo, chifukwa mipata ikatalikitsa phazi limasochera.

Popeza palibe aphunzitsi okumverani, foni ndiyo khutu lanu. Dzijambuleni mawu metironomu ikumveka. Mukaomba pa biti ndendende, kuomba kwanu kumaphimba kugunda kwa metironomu. Mukamva ziwiri zotsatana, zindikirani yomwe yayamba: ikakhala yanu mukuthamanga, ikakhala ya metironomu mukutsalira.

Zikakhazikika, sakanizani m'kati mwa biti imodzi. Kweva yotsatidwa ndi masemikweva awiri ndi taa-te-fe: ndi ta-fa-te-fe yemweyo, kungoti fa mwamumeza. Masemikweva awiri kenaka kweva ndi ta-fa-tee, apa womezedwa ndi fe. Muzikweza liwiro ndi 4 kapena 5 basi, pokhapokha mwadutsa osaphonya.

Ziwerengero zonsezi zimagwira ntchito nambala yapansi ikakhala 4, monga 2/4 ndi 3/4. Nyimbo za 6/8 zisiyeni kaye: kumeneko biti imagawika patatu, makweva atatu pa kuponda kumodzi, ndipo ta-te sakwanako.