Kalata ya kwa alendi onse: sola yogwiritsa ntchito pamodzi ndi kagawidwe ka ndalama zake

Okondedwa alendi a nyumba zonse 6 za pa puloti ino,

Monga mukudziwa, malaiti akhala akuzima maola ambiri kuyambira pamene madzi anachepa ku Kariba mu 2024. Pachifukwa ichi ndaikitsa sola imodzi yotumikira nyumba zonse: mapanelo 10 padenga, invata imodzi ndi batire yosunga mayunitsi 10.

Nyumba iliyonse yapatsidwa waya wake wa sola, mita yake yaing'ono ndi chodulira chomwe chimazimitsa chokha mukapitirira mawati pafupifupi 700. Mphamvuyi ikukwanira mababu, TV, firiji imodzi ndi kutchaja mafoni, koma sitovu, ayironi, ketulo ndi giza zikhalebe pa mita yanu ya ZESCO, yomwe mupitiriza kuigulira mayunitsi monga kale. Nyumba yanu yokha ikazima, mwalumikiza zambiri: chotsani chinthu cholemeracho ndi kukweza chodulira. Nyumba zonse zikazima pamodzi usiku, batire yatha, ndipo zimenezi zidzachitika kawirikawiri m'masiku a mitambo a nyengo ya mvula.

Zonse zadya K120,000. Theka ndalipira ine osayembekeza kubwezeredwa, popeza zipangizozi zidzatsala pa nyumba. Theka linalo, K60,000, lidzabwezedwa m'miyezi 30, kutanthauza K2,000 pamwezi kwa nyumba zonse pamodzi. Pa ndalamayi, K1,200 igawidwa mofanana, K200 nyumba iliyonse, chifukwa aliyense waya wamufikira ngakhale atayatsa pang'ono. K800 yotsalayo igawidwa potsata mamita. Mwachitsanzo, ngati nyumba zonse zagwiritsa mayunitsi 400 pamwezi ndipo yanu yagwiritsa 80, ndiye kuti mwatenga gawo limodzi mwa magawo asanu, ndipo mulipira K160 kuwonjezera pa K200 ija, zonse pamodzi K360. Ndinakana kugawa potsata chiwerengero cha anthu, pakuti mbeta yokhala ndi firiji yaikulu ingathe kudya mayunitsi ambiri kuposa banja la ana anayi.

Mamita tidzawawerenga tsiku lomaliza la mwezi, mmodzi wa inu ali pomwepo, ndipo manambala adzamatidwa pa chitseko cha chipinda cha batire. Ndalama ya sola iperekedwe pamodzi ndi lendi, koma idzakhala ndi lisiti yakeyake. Nyumba ikakhala yopanda munthu, K200 yake ndidzalipira ine. Wosamuka sasiya ngongole ya miyezi yotsala, ndipo sabwezeredwa zomwe anapereka kale.

Kukonzetsa zowonongeka ndi kutsukitsa fumbi pa mapanelo ndi udindo wanga, kupatula ngati wina walumikiza waya mozemba mita, pamenepo adzalipira yekha. Miyezi 30 ikatha, K200 ija idzachotsedwa, ndipo K800 idzasungidwa kuti tidzagulire batire yatsopano.

Chonde sainani pepala lachiwiri ndi kundibwezera mwezi uno usanathe.

Ine wanu,
Mwini nyumba