Momwe mungalembere imelo yodziwitsana anthu awiri pa nkhani ya ntchito

Tiyerekeze kuti mumadziwana ndi mayi wina, wapampando wa kopaletivi ya alimi a mtedza ku Mchinji. Mtedza akolola, aswa, asankha, koma msika wodalirika alibe. Mumadziwananso ndi bambo wina amene ali ndi fakitale yopanga chiponde ku Kanengo mu mzinda wa Lilongwe, ndipo nthawi zonse amadandaula kuti mavenda amamubweretsera mtedza wonyowa, wachuku. Anthu awiriwa akufunana, koma sadziwana. Amene angawakumanitse ndi inuyo.

Ambiri timangolemba mzere umodzi wakuti "Bambo, awa ndi mayi aja ndinkanena aja, kambiranani," n'kutumiza. Imelo yotereyi imafera pomwepo. Bamboyo sakukumbukira kuti munanenapo za mayi ati, mayiyo sakudziwa ngati ayambe ndi iwo kapena adikire, ndipo aliyense amakhala phee kuyembekezera mnzake.

Yambani mwapempha chilolezo kwa aliyense payekha

Apa ndi pamene ndikufuna tikhalitse, chifukwa ndi pamene ambiri timalumpha. Adiresi ya imelo ya munthu ili ngati khomo la nyumba yake. Simungatengere mlendo mpaka pabalaza la mnzanu musanaodire. Mukangowaika onse awiri m'imelo imodzi mosawafunsa, wofunidwayo mwamuika pakona: akakana achita manyazi ndi inu, akavomera avomera mokakamizika.

Choncho yambani ndi amene akupempha thandizo, pano ndi mayi a ku Mchinji. Afunseni chimene akufuna kwenikweni. "Msika" si yankho lokwanira. Mtedza wake ndi wamtundu wanji, CG7 kapena Chalimbana? Ndi matumba angati? Ndi woswa kale? Adzanyamula ndani? Akufuna kugulitsa kamodzi kokha kapena akufuna mgwirizano wa chaka ndi chaka? Afunseninso zimene sakufuna kuti muulule. Mwina mtengo akufuna akaunene okha.

Kenako lemberani bamboyo payekha, pa WhatsApp kapena pa imelo, mawu ochepa chabe:

> Bambo, ndikudziwa kopaletivi ina ku Mchinji yomwe ili ndi matumba 200 a mtedza wa CG7 woswa kale. Kodi mungalole kuti ndikulumikizeni ndi wapampando wake pa imelo? Ngati panopa simukugula, ndiuzeni momasuka, palibe vuto.

Chiganizo chomalizacho musachisiye. Chimam'patsa munthu mpata wokana popanda kuwononga ubale wanu. Akakana, auzeni mayi aja kuti ulendo uno sizinatheke, basi. Zifukwa zimene bamboyo wakuuzani inu si zokafalitsa.

Lembani imelo yeniyeniyo

Onse akavomera, tsegulani imelo yatsopano. Musadine `Forward` pa makalata amene munkalemberana ndi mmodzi wa iwo, chifukwa pansi pake pamatsalira zonse zimene munakambirana awiri. Mwina bamboyo anakulemberani kuti alimi amakweza mitengo dala, kapena mayiyo anakuuzani kuti ngongole yawapanikiza ndipo agulitsa pamtengo uliwonse. Zikafika kwa winayo, nkhani yawonongeka isanayambe.

Maadiresi onse awiri aikeni pa `To`. Mukaika wina pa `Cc` amaona ngati wangodziwitsidwa, ndipo sayankha. Pa `Subject` tchulani mayina onse awiri ndi nkhani yake, kuti ngakhale patapita miyezi itatu munthu akafufuza mawu akuti "mtedza" aipeze. M'chitsanzochi, pamene pali Uje ndi Ujeni muikepo mayina enieni:

> Mutu: Kudziwitsana: Bambo Ujeni ndi Mayi Uje, mtedza wa CG7 ku Mchinji
>
> Bambo Ujeni ndi Mayi Uje,
>
> Ndikhulupirira muli bwino. Monga ndinakambirana ndi aliyense wa inu, ndikukulumikizani pa nkhani ya mtedza.
>
> Bambo Ujeni, Mayi Uje ndi wapampando wa kopaletivi ya alimi ku Mchinji. Ali ndi matumba 200 a makilogalamu 50 a mtedza wa CG7, woswa ndi wosankha kale, wokolola chaka chino. Ndinagwira nawo ntchito zaka ziwiri ndipo nkhokwe yawo ndinaiona ndi maso anga. Akufuna wogula amene angagwirizane naye chaka ndi chaka.
>
> Mayi Uje, Bambo Ujeni ali ndi fakitale ya chiponde ku Kanengo. Amagula mtedza woswa, koma asanagule amayamba ayeza chinyezi ndi chuku. Anandiuza kuti angakonde kulandira kaye makilogalamu awiri oti ayeze.
>
> Mayi Uje, ndikupempha kuti muyambe ndinu kuyankha, munene tsiku limene mungatumize mtedza woyezawo. Za mtengo ndi mayendedwe mukambirana nokha. Poyankha mukhoza kundichotsa ine.
>
> Zikomo kwambiri.

Taonani kuti ndime iliyonse ikulankhula ndi munthu mmodzi, kumuuza za mnzakeyo. Ndayamba ndi bambo wa fakitale chifukwa ndiye akupemphedwa nthawi yake. Amene akupempha ndiye ayenera kuyamba kuyankha, ndipo muyenera kum'tchula dzina, apo ayi onse azingodikirirana.

Pali chiganizo chimodzi chimene chimalemera kuposa zonse: "nkhokwe yawo ndinaiona ndi maso anga". Ndi umboni wanu, ndipo bamboyo akatumiza lole ku Mchinji, ulendo wa makilomita oposa 100, adzakhala akudalira mawu amenewa. Chifukwa chake nenani zokhazo zimene mukudziwadi. Ngati mayiyo munangokumana nawo kamodzi pa msonkhano, lembani zomwezo: "Tinakumana pa msonkhano mwezi watha, mtedzawo sindinauone." Palibe chochititsa manyazi pamenepo. Choopsa ndi kutamanda munthu kuti ndi wokhulupirika kwambiri musakumudziwa, mtedza n'kukapezeka wachuku, dzina loipa n'kukhala lanu.

Mbiri yonse ya munthu, sukulu zimene anaphunzira ndi maudindo ake akale, zisiyeni. Ambiri adzawerengera imeloyi pa foni, mwina ali pa minibasi. Nambala ya foni ikanipo pokhapokha mwini wake walola.

Musanatumize, yang'ananinso maadiresi. Gmail imakonda kukusankhirani dzina mukangolemba zilembo zoyamba, ndipo a Banda kapena a Phiri m'foni mwanu sangakhale mmodzi. Mukazindikira kulakwitsa mutangotumiza, pansi pamaoneka `Undo` kwa masekondi ochepa okha. Nthawiyi mukhoza kuitalikitsa mpaka masekondi 30 mu `Settings` pa kompyuta.

Mukatumiza

Auzeni mayi aja kuti adine `Reply all`, osati `Reply`. Akadina `Reply` yankho lawo libwera kwa inu nokha, bamboyo osaona kanthu, aliyense n'kumaganiza kuti mnzake wamunyalanyaza. Mudzazindikira vutoli mukalandira yankho limene pa `To` pali dzina lanu lokha, ndipo pa `Cc` palibe dzina la bamboyo. Mayiwo ayankhe tsiku lomwelo kapena mawa lake, adiresi yanu aisunthire pa `Bcc`. Akatero inu muona kuti nkhani yayambika, koma makalata otsatira sadzakufikaninso.

Pakatha sabata muli chete, funsani kaye mayiwo ngati anayankha. Ngati anayankha koma bamboyo sanabweze mawu, m'kumbutseni kamodzi payekha, ndipo m'pempheni ayang'anenso mu `Spam`, poti imelo yochokera ku adiresi yachilendo nthawi zina imagwera kumeneko. Akapanda kuyankhabe, musapitirize kum'kakamiza. Auzeni mayiwo zoona zake msanga, kuti mtedza usakhalitse m'nkhokwe akuyembekezera wogula mmodzi.