Momwe mungalembere ndakatulo yopepesa maliro pa khadi

Mnzanu wa kuntchito amayi ake amwalira. Anthu asonkha chipepeso, agula khadi, ndipo akuti inu ndinu odziwa kulemba, muikemo kandakatulo. Malo olembapo ndi ochepa, mizere inayi kapena isanu ndi umodzi basi, ndipo namfedwa adzaiwerenga ali wotopa, mwina usiku anthu atabalalika pasiwa. Nazi njira zoti mawuwo amutonthoze komanso asunge ulemu wa malemu.

Yambani mwasankha amene mukulankhula naye

Ndakatulo zambiri za maliro zimalankhula ndi imfa ("Imfa iwe ndiwe wankhanza") kapena ndi malemu ("Mwatisiyiranji?"). Zimenezo zimakhala bwino polakatula pamwambo kapena pa nkhata yoika pamanda. Khadi ndi ya wamoyo. Ngati mzere woyamba ukukalipira imfa, namfedwa amangokhala womvera mkangano wa inu ndi imfayo. Lankhulani naye iyeyo, mwaulemu: inu, anu, nanu, ngakhale ali mnzanu amene mumatchulana iwe pa tiyi. Malemunso apatseni ulemu womwewo. Nenani kuti anatisiya kapena amwalira, osati wafa, ndipo ngati kwawo ankatchedwa ndi mfunda, monga Nabanda kapena Naphiri, dzina limenelo limafika pamtima kuposa la pa chiphaso.

Funsani za chipembedzo musanalembe za kumwamba

Apa ndi pamene anthu a zolinga zabwino amapunthwa. Mzere woti "panopa akuimba ndi angelo" ungatonthoze banja la CCAP kapena la Katolika, koma a Seventh Day Adventist ndi a Mboni za Yehova amakhulupirira kuti akufa ali m'tulo kudikira kuuka, choncho kwa iwo mawu a chiyembekezo cha kuuka ndiwo oyenera. Ku banja la Chisilamu musatumize khadi ya mtanda kapena vesi la m'Baibulo. Iwo amati ndife a Mulungu ndipo kwa Iye tidzabwerera, ndipo pempho loti Mulungu awakhululukire malemu ndi kupatsa banja kupirira limalandiridwa bwino. Mukalephera kudziwa, lembani za munthuyo ndi za chisoni chanu basi.

Chotsani mawu otha mchere, makamaka ofotokoza imfa

Pali mawu amene tawamva pa maliro aliwonse: "Tinawakonda koma Mulungu wawakonda koposa", "Chinali chifuniro cha Mulungu", "Tonse njira ndi yomweyi", "Limbani mtima". Vuto lake si kukalamba kokha. Atatu oyambawo akuyesa kupereka chifukwa cha imfa, pamene namfedwa sanafunse. Mayi amene wataya mwana wa zaka 6 akawerenga kuti Mulungu wamukonda koposa, amamva ngati chikondi chake chinapikisana ndi cha Mulungu n'kugonja. "Limbani mtima" ndi "musalire" ndi malamulo, ndipo amamupatsa ntchito ina munthu amene akulephera ngakhale kudya.

Ngakhale vesi lokondedwa lija la Yobu 1:21, loti Yehova anapatsa, Yehova watenga, lifunika kusamala nalo. Mawuwo anawanena Yobu mwini wake, ana ake atamwalira. Akatuluka m'kamwa mwa namfedwa ndi chikhulupiriro, koma akachokera kwa ife amene ana athu ali moyo amamveka ngati tikumuuza kuti avomereze msanga. Kwa Mkhristu, ine ndingasankhe Yohane 11:35, pamene Yesu analira pa imfa ya Lazaro, kapena Salimo 23:4, za kuyenda m'chigwa cha mthunzi wa imfa. Mavesi amenewa sakana kuti zinthu zawawa.

Pewaninso mzere uliwonse wonunkhiza kuti pali amene wachititsa, monga "Mulungu yekha ndiye akudziwa amene wachita izi". Khadi imadutsa m'manja ambiri, ndipo mabanja ena amagawanika chifukwa cha kulozana zala pa maliro. Matenda amene atenga munthuyo musawatchule.

Si mawu onse ozolowereka amene ali oipa. "Pepani" ndi "mzimu wawo uuse mumtendere" ndi mwambo, anthu amawayembekezera. Aikeni pansi, pafupi ndi maina, asadye malo a ndakatulo.

Pezani chinthu chimodzi choona cha malemu

Iyi ndiyo ntchito yeniyeni. "Anali mayi wabwino, wachikondi, wa anthu" angalembedwe kwa mayi aliyense kuyambira ku Nsanje mpaka ku Chitipa. Funsani mnzanu wina amene anafikako kumudziko, kapena kumbukirani zimene namfedwa ankakamba. Tinene kuti mwamva zoti mayiwa ankaphika thobwa ndipo mlendo sankachoka pakhomo pawo osamwa. Kulemba koyamba kwa ambiri kumatuluka chonchi:

Imfa iwe ulibe chisoni,
watilanda mayi wokondeka.
Tinawakonda koma Mulungu wawakonda koposa,
limbani mtima, tidzakumana.

Mizere inayi yonse mulibe mayiwo, mulibenso mwana wawo kupatula pomulamula. Tsopano yesani kumanga motere: mizere iwiri ya malemu, umodzi wovomereza chisoni, umodzi wa chimene inu mudzachite.

Pakhomo pa amayi sipankadutsa mlendo wa ludzu,
chikho cha thobwa chinkafika moni asanathe.
Lero tikulira nanu, pakuti mtengo wa mthunzi wagwa,
ndipo olira akabalalika, ife tidzabwerabe.

Onani kuti fanizo ndi limodzi lokha, mtengo wa mthunzi, ndipo likuyenera munthu wamkulu amene ambiri ankadalira. Mukaonjezera nyenyezi yothima, duwa lofota ndi mtsinje wouma, owerenga amayamba kuona luso lanu m'malo mwa malemu. Mzere womalizawo ndi lonjezo, choncho muulembe pokhapokha ngati mudzapitadi.

Ngati malemu simunawadziwe ndipo palibe wokuuzani, musapeke. Lembani zimene mwaona mwa namfedwa: "Amayi anu sitinawaone, koma tinawadziwa mwa inu."

Yezani kulemera kwa mawu ndi mtundu wa imfa

Gogo amene waona zidzukulutudzi, ndakatulo yake ingakhale ndi kuthokoza, ngakhale kamwetulira pang'ono. Pa imfa ya mwana, ya ngozi, kapena ya munthu amene wadzipha, fupikitsani. Mizere iwiri ndi yokwanira, yopanda fanizo, yopanda mwambi, ndipo musayerekeze kulemba kuti "mudzabereka wina". Kwa mayi wamasiye musamukumbutse za ana oti alere, akudziwa kale.

Werengani mokweza

Mawu a Chichewa amathera ndi a, e, i, o kapena u, ndipo aneni ambiri amathera ndi a, choncho n'kosavuta kuti mizere imveke mofanana kumapeto: kulira, kupirira, kudikira, kupemphera. Mukatsata zimenezo mzere ndi mzere, ndakatulo imayamba kudumpha ngati nyimbo yotsatsa malonda. Ulemu umabwera ndi mizere yofanana utali komanso kubwereza mawu amodzi mwadala, monga "tili nanu" koyambirira kwa mizere iwiri. Powerenga mokweza, pamene lilime lanu lathamanga kapena pamene mungachite manyazi kunena pamaso pa namfedwa, pafufuteni.

Lembani kaye papepala lina, kenako mukopere pa khadi ndi dzanja. Ngati khadiyo inabwera ndi vesi lachingerezi losindikiza, lanu likhale tsamba linalo. Kuchuluka kwa chipepeso kulembedwe pa kapepala kapadera m'envulopu, chifukwa kamenako n'kamene kamapita kwa olemba ndi kulengeza zopereka, pamene khadi muipereke m'manja mwa namfedwa mwini wake.