Momwe mungapatsire moni mayi kapena bambo pakhomo pa eni: dzanja litambasuke liti?

Tsiku lina Lachisanu ndinatsika minibasi pa Songani, ndikupita pakhomo pena kukatula uthenga wa abale. Nthawi inali itangopitirira 11 koloko. Ndinapeza mayi wa pakhomopo ali pakhonde, atafunda mpango mpaka m'mapewa, ndipo ine ndi chizolowezi cha m'tauni ndinangofikira kutambasula dzanja. Mayiwo anabwerera pang'ono, naika dzanja lawo pachifuwa, nati, "Takulandirani bambo, khalani apo." Langa linatsala m'malere, ana ali pambali kundiyang'ana. Palibe amene anandidzudzula, koma nkhani yonse ndinaikamba khosi litauma.

Kuno ku Zomba zoterezi zimagwera anthu ambiri, chifukwa boma lino ndi losakanikirana. M'tauni, ku Chirunga kapena m'maofesi, kugwirana chanza mwamuna ndi mkazi si nkhani. Mukangotuluka kulowera ku Domasi, Malosa, Jali kapena ku Chingale, mukumana ndi makomo a Ayao, Alomwe ndi Amang'anja, ena Asilamu ena Akhristu, ndipo khomo lililonse lili ndi malire ake. Simungawadziwe onse musanafike. Chimene mungachite ndi kutsata ndondomeko imene imapatsa mwini khomo mpata wokusonyezani yekha.

Choyamba, imani patali ndipo mawu atsogole

Mukafika m'mphepete mwa bwalo, imani pomwepo n'kunena "Odi!" kapena kuwomba m'manja pang'ono. Musalowe mpaka mutamva "Lowani" kapena "Fikani". Akakuyankhani, yendani mpaka patsale masitepe atatu kapena anayi pakati pa inu ndi munthuyo. Mtunda umenewu uli ndi ntchito yake. Dzanja silifika pamenepo, choncho palibe amene akukakamizika kulandira kapena kukana. Amene akufuna moni wa chanza ayenda yekha kubwera kwa inu.

Kumbukiraninso kuti kumudzi mlendo sapatsidwa moni ali chilili. Amayamba apatsidwa mpando kapena mphasa, kenako eni khomo amabwera mmodzimmodzi kudzalonjera. Anthu ambiri a m'tauni amalakwa pomwepa. Amathamangira kupereka moni nthawi yake isanakwane, n'kumadabwa kuti eni khomo akuoneka ozizira, pomwe iwo akungodikira kuti mlendo akhale pansi.

Chachiwiri, yang'anani manja ake ndi mapazi ake

Nkhope ikhoza kukusokonezani. Mayi amene sagwirana chanza ndi amuna akhoza kukumwetulirani ndi mtima wonse, inu n'kuganiza kuti njira yatseguka. Manja ndi amene amanena zoona.

Ngati dzanja lake lamanja lapita pachifuwa, yankho mwalandira kale. Ngati manja onse awiri awagwirizanitsa pamimba, kapena awalowetsa m'chitenje kapena mumpango, kapena wayamba kuwomba m'manja mofatsa, ndiye kuti wasankha moni wopanda chanza. Chimodzimodzi mayi akagwada kapena kukhala pansi chapatali, chammbali, n'kuyamba "Muli bwanji bambo?" ali komweko. Mukatero musadzuke pampando kumulondola ndi dzanja. Iye wayeza yekha mtunda umene akuufuna.

Amene akufuna chanza amaonekanso msanga. Amayandikira, amasamutsira kumanzere chimene wanyamula, mwina amapukuta dzanja pachitenje, ndipo mkono wamanja umayamba kudzuka lamanzere litaugwirira. Mukaona zimenezi landirani msanga, chifukwa kumusiya m'malere munthu amene wadzipereka ndi chipongwe choposa chija ndinachita ine.

Kwa amayi amene mukulonjera bambo, zizindikiro ndi zomwezo. Bambo wovala mkanjo ndi mzuli amene wapatsa amuna anzake chanza koma atafika pa inu waika dzanja pachifuwa n'kuweramitsa mutu pang'ono, sanakunyozeni. Wakulonjerani mokwanira monga mwa chipembedzo chake. Chovala pachokha musachikhulupirire kwambiri. Alipo amayi ovala hijabu amene amapereka chanza kuntchito, ndipo alipo amayi a mvano achikulire amene sangagwire dzanja la mwamuna wachilendo pakhomo pawo.

Chachitatu, dziwani chifukwa chake, kuti musakhumudwe pachabe

Apa pali malamulo awiri amene amayendera limodzi m'midzi ya kuno, ndipo sagwirizana nthawi zonse.

Lachisilamu likuti mwamuna ndi mkazi amene angathe kukwatirana asakhudzane. Kupatula mwamuna ndi mkazi wake, amene ali omasuka kugwirana ndi okhawo amene ukwati pakati pawo ndi woletsedwa mpaka kalekale, monga bambo ndi mwana wake, mlongo ndi mlongo wake, malume ndi mwana wa mlongo wawo, agogo ndi mdzukulu. Kuwonjezera apo, Asilamu ambiri m'dziko muno amatsata chiphunzitso cha Shafi, chimene chimati khungu la mwamuna likakhudza khungu la mkazi amene si wa m'gulu limeneli, wudhu waonongeka. Wudhu ndi kusamba kuja kwa manja, nkhope ndi mapazi munthu asanaswali. Ndiye mukamugwira dzanja munthu amene wangodziyeretsa kumene, mwamubweza ku ndowa kuti akayambirenso. N'chifukwa chake nthawi imene mwafika ili ndi kanthu. Masana a Lachisanu anthu akukonzekera kupita kumzikiti, madzulo dzuwa likamalowa, ndi mwezi wonse wa Ramadani, ngakhale anthu amene masiku ena sasamala kwambiri amakhala osamala.

Lachikhalidwe chathu limayang'ana kwina. Limaopa kwambiri apongozi. Mkamwini salonjera apongozi ake aakazi ndi chanza m'makomo amene amasunga mwambo. Amanyonyomala chapatali, maso pansi, n'kuwomba m'manja, ndipo kale ankapatukirana ngakhale panjira. Mtengwa nayenso amagwada patali kwa apongozi ake aamuna. Koma mwambo womwewo umamasula alamu ndi asuweni, moti amaseleulana, kukokana mkono, palibe amene amaona cholakwika.

Taonani tsono mmene ziwirizi zimasemphanira. M'Chisilamu apongozi aakazi ali m'gulu la anthu amene simungakwatirane nawo, choncho chipembedzo sichiletsa chanza, koma mwambo umaletsa. Mlamu ndi msuweni mwambo umawamasula, koma chipembedzo chimawaika m'gulu la anthu ofunika kusamala nawo. Pakhomo la Chiyao la Chisilamu malamulo onse awiri akhoza kugwira ntchito nthawi imodzi. Mnyamata wokwatira kumeneko amene akuganiza kuti "awa ndi alamu anga, ndine womasuka" akhoza kudzichititsa manyazi pamaso pa banja lonse. Inu musawerengere chibale. Dikirani muone mmene iwo akuchitira.

Chachinayi, khalani ndi moni wina wokonzeka

Munthu amathamangira chanza chifukwa sadziwa chochita ndi manja ake. Apatseni ntchito. Pakhomo la Chisilamu ikani dzanja lamanja pachifuwa, weramitsani mutu pang'ono. Kwina kulikonse, womberani m'manja mofumbata kawiri kapena katatu, mwakachetechete. Ngati mwavala chipewa chivuleni, ndipo manja asakhale m'thumba. Mayi akhoza kupinda mawondo pang'ono, kapena kugwada ngati akulonjera wamkulu.

Mawu akhale aulemu wonse: "Mayi, mwaswera bwanji?", "Agogo, muli bwanji?", "Nanga ana ali bwanji?" Msilamu akakulonjerani kuti "Asalamu alaikumu", yankho ndi "Wa alaikumu salamu". Ngati Chiyao mumachidziwa pang'ono, "Ali uli?" ndi "Sikomo" zimasangalatsa agogo kuposa chanza chilichonse. Moni wa mawu muutalikitse ndithu. Kufunsa za kunyumba, za mvula ndi za odwala kumadzaza malo amene dzanja likanakhala.

Tiyese ndi ulendo weniweni

Tinene kuti ndinu bambo, mlangizi wa zaulimi, mwafika pakhomo lina ku Domasi cha m'ma 11:30 Lachisanu. Mwapeza bambo wa pakhomo, akazi awo, agogo aakazi ndi mtsikana wamkulu. Mwaodira, akupatsani mpando pansi pa mtengo wa mango.

Bambo abwera koyamba ndi dzanja. Landirani ndi lamanja, lamanzere litagwira mkono wanu pansi pa chigongono. Akazi awo agwada masitepe angapo kuchokera pamene muli, manja ali pamwendo. Khalani pomwepo, muwombe m'manja kapena mugwire pachifuwa, muyankhe moni wawo mokwanira. Kenako agogo, amene ali pamphasa, atambasula dzanja ali chikhalire. Apa dzukani, mupite pafupi, munyonyomale kuti musawaimirire pamutu, mulandire mofewa, osafinya kapena kugwedeza. Agogo achikulire nthawi zambiri amakuonani ngati mdzukulu, ndipo ndi iwo ayamba. Mtsikana uja mwina angoti "Muli bwanji?" ali pafupi ndi khitchini. Muyankheni muli pomwepo, musamuitane kuti adzakupatseni moni pafupi.

Mwalonjera anthu anayi, chanza mwagwirana ndi awiri okha, ndipo palibe amene wadandaula. Potsazika bwerezani zomwezo. Musaganize kuti popeza mwadyera limodzi chinangwa n'kuseka kwa ola lathunthu, malire aja asuntha.

Pamsonkhano wa anthu ambiri, monga pabwalo la amfumu kapena pamaliro pamene amuna ndi amayi amakhala mbali zosiyana, musayende mzere wa amayi ndi dzanja. Imani kapena nyonyomalani pamalo amodzi, muwombe m'manja, mulonjere gulu lonse kamodzi. Ndipo ngati simukudziwa chilichonse, lolani amene wakuperekezani atsogole, inu muzitengera.

Zikalakwika

Mwatambasula kale, winayo sanalandire. Musalisiye dzanja m'malere kudikira, ndipo musanene zija za "Aa, mukundikana?" ngakhale mwanthabwala, chifukwa mukumukakamiza kusankha pakati pa chikhulupiriro chake ndi ulemu kwa mlendo. Libwezeni pachifuwa panu ngati kuti n'kumene limapita, munene "Zikomo mayi", mupitirize kufunsa za kunyumba. Kupepesa kwambiri kumakulitsa nkhani imene ikanatha yokha.

Nthawi zina munthu amalandira pofuna kukupulumutsani ku manyazi. Mudzazindikira chifukwa amakupatsani nsonga za zala zokha, kapena amakutira dzanja ndi mpango kapena chitenje, n'kulichotsa msanga. Khudzani pang'ono musiye, ndipo ulendo wotsatira musadzayambenso. Musasokoneze zimenezi ndi munthu amene wakupatsani mkono m'malo mwa chikhatho chifukwa manja ake ali ndi ufa kapena dothi la kumunda. Ameneyo akufuna moni ndithu, gwirani pamkonopo.

Ngati ndinu amene simufuna chanza, kaya mayi kaya bambo, musadikire kuti dzanja la mnzanu lifike. Ikani lanu pachifuwa iye akadali patali ndipo muyambe ndinu kulankhula: "Takulandirani achimwene, mwayenda bwanji?" Akaumirirabe, mawu ochepa akwana: "Pepani, ine moni wanga ndi womwewu."